Masheya ndi mabondi: kukhala mwini wa kampani kapena kuikongoza ndalama

Lamulungu pa 10 Ogasiti 2014, mkulu wa banki yayikulu ya dziko la South Africa, mayi Gill Marcus, analengeza kuti banki ya African Bank yalandidwa m'manja mwa oyiyendetsa ndipo yapatsidwa woyang'anira wapadera. Bankiyi inkakongoza ndalama anthu opeza pang'ono popanda chikole, ndipo okongola ambiri anali atalephera kubweza. Patatsala masiku anayi kuti chilengezochi chiperekedwe, mkulu wa bankiyo anali atatula pansi udindo, bankiyo itaulula kuti iluza ndalama zankhaninkhani.

Anthu amene anaika ndalama zawo m'bankiyi sanavulale mofanana. Amene anali ndi masheya anaona mtengo wa masheya awo ukugwa ndi 90 peresenti n'kupitirira m'masiku owerengeka, kenako malonda a masheyawo anaimitsidwa pa msika wa ku Johannesburg, moti ngakhale wofuna kugulitsa motchipa analibe kogulitsira. Amene anali ndi mabondi a gulu loyamba anauzidwa kuti pa masenti 100 alionse amene anakongoza bankiyo, 90 ndi awo ndithu. Anadikira nthawi yaitali, anadandaula, koma sanachoke chimanjamanja. Banki inali imodzi, vuto linali limodzi, koma magulu awiriwa anali atagula zinthu zosiyana. Oyambawo anagula gawo la banki. Achiwiriwo anaikongoza ndalama.

Kusiyana kumeneku kumamveka bwino tikakuchotsa ku Johannesburg n'kukubweretsa pa chigayo cha pa msika wa kumudzi.

Tiyerekeze kuti munthu wina akufuna kutsegula chigayo cha K10 miliyoni koma m'thumba ali ndi K4 miliyoni zokha. Mlamu wake akuponyapo K2 miliyoni, ndipo agwirizana kuti chigayocho chikhale chawo onse awiri. Popeza eni akewa asonkha K6 miliyoni pamodzi, mlamu uja ali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. K4 miliyoni zotsalazo zikuchokera kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene sakufuna za umwini. Iye akuti angomupatsa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa chaka, kutanthauza K800,000, ndipo pakatha zaka zitatu am'bwezere K4 miliyoni zake. Mlamuyo ndiye wa masheya. Mphunzitsiyo ndiye wa bondi.

Chaka choyamba mvula yagwa bwino, nkhokwe zadzaza, pachigayo mzere sukutha. Atalipira magetsi, antchito ndi zokonzetsera makina, patsala K3.8 miliyoni. Mphunzitsi akutenga K800,000 zake poyamba. Pa K3 miliyoni zotsalazo, gawo la mlamu ndi K1 miliyoni, theka lenileni la ndalama zomwe anaponya. Mphunzitsi akhoza kuchita kaduka, koma pangano lake silinena kuti chaka chikakoma amuwonjezere. Ngakhale chigayo chitapanga K20 miliyoni, iye ake ndi K800,000 basi.

Chaka chachiwiri kwachita ng'amba, magetsi nawo akuzimazima. Chigayo changopeza K800,000. Zonsezo zikupita kwa mphunzitsi, ndipo mlamu sakulandira ngakhale tambala. Alibe komudandaulira, chifukwa palibe amene anamulonjeza kanthu. Zinthu zikanyanya mpaka kutseka chigayo, makina n'kugulitsidwa K5 miliyoni, mphunzitsi ayamba watenga K4 miliyoni zake, ndipo eni awiri aja agawana K1 miliyoni yotsalayo. Mlamu abwerera kunyumba ndi ndalama zongopitirira K330,000 pa K2 miliyoni zake. Makinawo akagulidwa K3 miliyoni zokha, mphunzitsi nayenso aluza K1 miliyoni, pomwe eni ake sapeza kalikonse.

Lamulo lake ndi limeneli ku makampani akuluakulu omwe: wokongoza amalipidwa poyamba koma ndalama zake zili ndi malire, pomwe mwini amadya zotsala, kaya zachuluka, kaya zachepa, kaya palibe. Chomwe lamulo la makampani limawonjezera n'chakuti wogula masheya m'kampani yolembetsedwa ngati kampani ya malire sangalandidwe nyumba kapena munda chifukwa cha ngongole za kampaniyo. Akaluza kwambiri, waluza ndalama zomwe anagulira masheyawo, osapitirira apo.

Pali chinthu china chimene chimasiyanitsa masheya ndi mabondi enieni ndi pangano la pachigayo lija. Zonse ziwirizi zimagulitsidwanso. Kampani imaduladula umwini wake kukhala timagawo mamiliyoni kapena mabiliyoni, ndipo kagawo kalikonse ndi sheya. Ngongole nayonso imaduladulidwa kukhala zikalata zofanana, chilichonse chonena kuchuluka kwa ndalama, chiwongoladzanja ndi tsiku lobweza, ndipo chikalata chotere ndiye bondi. Wogula safunika kudikira kuti kampani itsekedwe kapena tsiku lobweza likwane kuti aonenso ndalama zake. Akhoza kugulitsa kwa munthu wina, pa mtengo umene uli pa msika tsiku limenelo.

Ku Malawi msika umenewu ndi Malawi Stock Exchange, womwe uli ku Blantyre. Unayamba malonda a masheya mu Novembala 1996, ndipo kampani yoyamba kulowapo inali ya inshuwalansi ya NICO. Pambuyo pake analowapo mabanki monga National Bank, Standard Bank ndi NBS, kampani ya shuga ya Illovo, Press Corporation, mahotela a Sunbird, komanso makampani a lamya a TNM ndi Airtel. Munthu amene amagula mayunitsi, kumwa tiyi wa shuga ndi kulandirira malipiro kubanki amakhala akulemeretsa makampani amene iyenso akhoza kukhala mmodzi mwa eni ake.

Wa masheya amapindula m'njira ziwiri. Yoyamba ndi dividendi, gawo la phindu limene kampani imagawira eni ake. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amayesa dividendi ndi chiwongoladzanja. Si choncho ayi. Akuluakulu a kampani ndi amene amanena kuchuluka kwa phindu loti ligawidwe, ndipo akhoza kuona kuti chaka chino phindu lonse likhale m'kampani kuti agulire makina kapena abwezere ngongole. Wa masheya sangawasumire pa chifukwa chimenecho. Wa bondi akapanda kulipidwa pa tsiku lake, kampani yaphwanya pangano, ndipo nkhaniyo ikhoza kukafika kukhoti.

Njira yachiwiri ndi kukwera kwa mtengo wa sheya. Banki ya FDH italowa pa msikawu mu Ogasiti 2020, sheya imodzi inkagulitsidwa K10. Munthu amene anali ndi K100,000 anagula masheya 10,000. Pofika kumapeto kwa 2024 mtengo wa sheya imodzi unali utapitirira K100, kutanthauza kuti masheya omwe aja anali oposa K1 miliyoni, osawerengera madividendi amene analandira m'zaka zimenezo. Palibe bondi ya boma imene ikanachulukitsa ndalama kakhumi m'zaka zinayi ndi theka.

Nkhani ngati imeneyi imakoma pokamba, ndipo ndi imene imakopa anthu. Koma mtengo wolembedwa m'nyuzipepala si ndalama ya m'thumba. Kuti K1 miliyoni ija ikhale yeniyeni, payenera kupezeka munthu wofuna kugula pa mtengo umenewo. Msika wa ku Malawi ndi waung'ono, makampani ake ndi ochepa, ndipo masheya ambiri ali m'manja mwa mabungwe akuluakulu amene amagula n'kusunga. Pali masheya ena amene amatha masiku osagulidwa ngakhale imodzi. Wofuna ndalama mwachangu, kaya za fizi kaya za kuchipatala, akhoza kudikira kapena kutsitsa mtengo kuti apeze wogula.

Umwiniwo nawonso uli ndi polekezera. Wa masheya amaitanidwa ku msonkhano waukulu wa pachaka, amalandira lipoti la momwe chuma cha kampani chayendera, amafunsa mafunso ndipo amavota posankha akuluakulu oyang'anira kampani. Koma mavoti amawerengedwa potengera masheya, osati mitu ya anthu. Airtel Malawi italowa pa msika mu Febuluwale 2020, pa mtengo wa K12.69 sheya imodzi, inagulitsa 20 peresenti yokha ya masheya ake, ndipo 80 peresenti inatsala kwa kampani yomwe ndi kholo lake. Ngakhale eni masheya ang'onoang'ono onse atadzaza holo n'kuimika manja pamodzi, sangagonjetse voti ya mwini wamkuluyo. Wa masheya 500 ndi mwini ndithu, koma sangalowe mu ofesi ya kampani n'kunyamula mpando ponena kuti ndi gawo lake.

Mabondi amaoneka osasangalatsa poyerekeza ndi zimenezi, koma ndi amene amafuna kufotokozedwa mofatsa, chifukwa ngozi zake zimabisala.

Ku Malawi wokongola wamkulu kudzera m'zikalata zotere ndi boma. Banki yayikulu ya Reserve imagulitsa zikalatazi m'malo mwa boma. Zina ndi za nthawi yochepa, masiku 91, 182 kapena 364, ndipo pa zidziwitso za bankiyo zimalembedwa kuti Treasury Bills. Izi sizilipira chiwongoladzanja pakati pa ulendo. Munthu amagula pa mtengo wotsika n'kudzalandira ndalama yathunthu tsiku likakwana, ndipo kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndiye phindu lake. Zina ndi za zaka ziwiri, zitatu, zisanu, zisanu ndi ziwiri kapena khumi, zolembedwa kuti Treasury Notes, ndipo zimalipira chiwongoladzanja miyezi isanu ndi umodzi iliyonse mpaka tsiku lobweza ndalama yonse.

Ngozi yoyamba ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Bondi imalonjeza kuchuluka kwa makwacha, koma silonjeza zomwe makwachawo adzagule. M'chaka cha 2024 chikalata cha boma cha masiku 364 chinkapereka pafupifupi 26 peresenti, chiwerengero chooneka chonona. Koma kwa miyezi yambiri ya chaka chimenecho mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti n'kupitirira. Munthu amene anakongoza boma K100,000 anayembekezera K126,000, msonkho usanadulidwe, pomwe katundu amene K100,000 inkagula poyamba anali atafika pa K130,000 kapena kuposa. Boma silinaphwanye pangano, linalipira zonse, koma mwini ndalama uja anatuluka wosaukirapo. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, aliyense amene anali ndi bondi ya makwacha anataya gawo lalikulu la mphamvu yake yogulira katundu wochokera kunja usiku umodzi wokha.

Apa m'pamene masheya ali ndi mwayi umene bondi ilibe. Kampani ya shuga ikhoza kukweza mtengo wa shuga, banki ikhoza kukweza chiwongoladzanja, mwini nyumba zamalonda akhoza kukweza lendi, ndipo phindu la eni masheya limatsatira kukwera mitengoko, ngakhale mochedwerapo. Koma si kampani iliyonse. Imene imapeza makwacha pomwe ngongole zake ndi za madola imapsa kwacha ikagwa, chifukwa ngongoleyo imatupa tsiku lomwelo, ndipo dividendi ndi imene imayamba kusowa.

Ngozi yachiwiri ndi yovutirapo kuimvetsa: mtengo wa bondi umatsika chiwongoladzanja cha pa msika chikakwera. Tiyerekeze kuti mayi wina wagula bondi ya K100,000 yolipira 20 peresenti pa chaka. Patapita nthawi, boma layamba kugulitsa mabondi atsopano olipira 25 peresenti. Mayiyo akafuna kugulitsa yake, palibe amene angam'patse K100,000, popeza ndalama yomweyo ikhoza kugula bondi yatsopano yolipira bwino. Ngati kwatsala chaka chimodzi, wogula adzalandira K120,000 pakutha pa chakacho, ndipo kuti apeze 25 peresenti ayenera kugula pa K96,000. Mayiyo waluza K4,000. Ngati kwatsala zaka zisanu, mtengo woyenera ufika pafupifupi K86,500, chifukwa wogulayo akhala zaka zisanu zathunthu akulandira chiwongoladzanja chochepa. Bondi ikakhala ya zaka zambiri, mtengo wake umagwedezeka kwambiri. Chiwongoladzanja cha pa msika chikatsika, zimatembenuka, ndipo bondi yakale ya 20 peresenti ija imagulidwa mopitirira K100,000.

Mayiyo akasunga bondi yake mpaka tsiku lobweza, alandira K100,000 yake yonse, bola wokongolayo akhale nazo.

Ndipo apo m'pamene pali ngozi yachitatu. Anthu amakonda kunena kuti boma silingalephere kubweza ngongole. Dziko la Zambia linagulitsa bondi yake yoyamba ya madola pa misika ya kunja mu 2012, ya madola 750 miliyoni, pa chiwongoladzanja cha 5.375 peresenti, ndipo ogula anachita kulimbirana. Linagulitsanso ena awiri mu 2014 ndi 2015. Mu Novembala 2020 linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni, ndipo eni mabondi anadikira mpaka 2024 kuti agwirizane ndi boma, atavomera kukhululuka gawo la ngongoleyo ndi kutalikitsa nthawi yobwezera. Wina akhoza kunena kuti imeneyo inali ngongole ya madola, ndalama imene Zambia singasindikize. N'zoona. Koma mu Disembala 2022 boma la Ghana linapempha eni mabondi a ndalama ya dziko lomwelo kuti asinthanitse zikalata zawo ndi zatsopano, zolipira pang'ono komanso zobweza mochedwa. Okalamba opuma ntchito anakachita zionetsero pa ofesi ya unduna wa zachuma ku Accra, ndipo pakati pawo panali mayi Sophia Akuffo, amene kale anali mkulu wa makhoti onse m'dzikolo.

Choncho kunena kuti bondi ndi yotetezeka kumangotanthauza kuti mwini wake ali patsogolo pa mzere ndipo akudziwa zomwe analonjezedwa. Sikutanthauza kuti sangaluze.

Zizindikiro za vuto zimaoneka kwa munthu wofuna kuziona. Pa bondi, chizindikiro chachikulu ndi chiwongoladzanja chenichenicho. M'dziko lililonse, chiwongoladzanja cha boma ndiye poyambira kuyeza. Kampani yodalirika imawonjezerapo pang'ono. Imene ikulonjeza kuwirikiza kawiri zomwe boma likupereka ikuulula yokha kuti mabanki ndi mabungwe odziwa kuwerengera aikana, ndipo ikusaka ndalama kwa anthu osadziwa. Wogula ayeneranso kufunsa ngati bondiyo ili ndi chikole, komanso ngati ili m'gulu loyamba kulipidwa kapena lotsatira, chifukwa ngakhale pakati pa okongoza pali mzere. Ku African Bank kuja, eni mabondi a gulu lotsatira anapeza zochepa kwambiri poyerekeza ndi anzawo a masenti 90 aja.

Pa masheya, zizindikiro zili m'malipoti amene makampani a pa msika amakakamizidwa kusindikiza m'nyuzipepala. Kampani imene ikuchedwa kutulutsa lipoti lake lofufuzidwa ndi akatswiri owerengera chuma ili ndi chifukwa chimene ikuchedwera. Imene ikugawa dividendi yoposa phindu lake ikudya mbewu. Imene phindu lake lili pamalo amodzi pomwe mtengo wa sheya yake ukuthamanga ikukwezedwa ndi chiyembekezo cha ogula, ndipo chiyembekezo chimatha msanga kusiyana ndi makina ndi nyumba. Kawerengedwe kake si kovuta. Kampani ikapanga phindu la K5 pa sheya iliyonse, sheyayo n'kumagulitsidwa K50, wogula akulipira phindu la zaka khumi. Sheya yomweyo ikafika K200 phindu lili lomwe lija, wogula akulipira phindu la zaka 40, ndipo ayenera kudzifunsa kuti akudziwa chiyani chimene chingakulitse kampaniyo chotero.

Kagulidwe kake ndi kosavuta kusiyana ndi momwe ambiri amaganizira. Masheya sagulidwa ku kampani mwiniyo koma kudzera kwa makampani okhala ndi chilolezo chogulira ndi kugulitsira anthu, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital ndi Cedar Capital. Munthu amapita ndi chiphaso chake ndi akaunti ya kubanki, amatseguliridwa akaunti yosungira masheya pa kompyuta, ndipo pogula kapena pogulitsa paliponse amadulidwa kandalama ka ntchitoyo. Zikalata za boma amagula kudzera m'mabanki kapena makampani omwewa. Wina aliyense wobwera pa foni ndi lonjezo la masheya a kampani yosadziwika, kapena phindu lotsimikizika la mwezi ndi mwezi, akugulitsa chinthu china, chifukwa sheya yeniyeni ilibe phindu lotsimikizika.

Funso lakuti chabwino n'chiti limayankhidwa ndi tsiku limene ndalamazo zidzafunike. Ndalama ya fizi ya temu ikubwerayi siyenera kukhala m'masheya, chifukwa mtengo ukhoza kukhala pansi sabata imene sukulu ikutsegulira. Chikalata cha masiku 91 kapena 182 chimayenera ntchito imeneyo. Koma munthu wa zaka 30 amene akusungira ukalamba, akaika zonse m'mabondi a makwacha m'dziko limene mitengo imakwera chonchi, akudzinamiza kuti wasamala. Kwa iye kugwedezeka kwa masheya ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi kudyeka kwa kwacha pa zaka 30, malinga asaike zonse m'kampani imodzi, ngakhale ikhale imene amagwirako ntchito.

Anthu ambiri olembedwa ntchito ku Malawi ali kale ndi zonse ziwiri osadziwa. Chiyambire 2011, lamulo la penshoni limakakamiza wolemba ntchito kuponya 10 peresenti ya malipiro a wantchito ku thumba la penshoni, wantchitoyo n'kuponya 5 peresenti. Ndalamazo sizikhala m'bokosi. Oyendetsa matumbawa amagulira masheya a pa msika wa ku Blantyre, zikalata za ngongole ya boma ndi nyumba zamalonda. Mukalandira sitetimenti yanu ya penshoni chaka chino, afunseni oyendetsa thumbalo kuti pa K100 iliyonse ya ndalama zanu, ndi zingati zili m'masheya ndipo ndi zingati zakongozedwa kwa boma.